SMA ndi EMA: kodi ndi iti imachedwa kwenikweni?

Amene amayang'ana matchati a mitengo, kaya ya masheya, ya golide kapena ya ndalama zakunja, amamva mawu amodzimodzi paliponse: EMA ndi yachangu, SMA ndi yochedwa. SMA, Simple Moving Average, ndi EMA, Exponential Moving Average, ndi njira ziwiri zowerengera avareji ya mitengo ya masiku apitawa, ndipo iliyonse imajambulidwa ngati mzere pa tchati. Mawuwa ali ndi choona chake, koma akangomezedwa osatafuna amasocheretsa. Mukatenga SMA ya masiku 9 ndi EMA ya masiku 9, mtengo n'kumakwera mofanana tsiku lililonse, mizere iwiriyi imatsalira m'mbuyo ndi mtunda wofanana ndendende. Imasiyana pamene mtengo wadumpha, wakhota kapena wachita chachilendo tsiku limodzi, ndipo sikuti pamenepo EMA imapambana nthawi zonse. Zonsezi zimachokera pa chinthu chimodzi: mmene njira iliyonse imagawira kulemera pakati pa tsiku la lero, la dzulo, la dzana ndi masiku akale.

M'zitsanzo zonse tigwiritsa ntchito masiku 9, chifukwa manambala ake ndi osavuta kuwerengera ngakhale papepala.

## Mmene iliyonse imawerengedwera

SMA ndi avareji wamba imene imasuntha ndi masiku. Mumatenga mitengo yotsekera ya masiku 9 apitawa, kuphatikizapo lero, kuiwonkhetsa, n'kugawa ndi 9. Mawa mumaonjezera mtengo wa mawa ndi kutaya wakale kwambiri. Tsiku lililonse mwa 9 amenewa lili ndi gawo lofanana, pafupifupi 11 peresenti, ndipo tsiku la 10 kubwerera m'mbuyo lilibe gawo lililonse. Mu Excel, mitengo ikakhala mu kolamu B:

```
=AVERAGE(B2:B10)
```

EMA siyisunga mndandanda wa masiku. Imangofuna manambala awiri, mtengo wa lero ndi EMA ya dzulo, kuonjezapo nambala yokhazikika yotchedwa alufa, imene imalembedwa `α`. Alufa ndi gawo limene mtengo wa lero ukupatsidwa, ndipo N ndi chiwerengero cha masiku.

```
EMA_lero = α × mtengo_lero + (1 − α) × EMA_dzulo
α = 2 / (N + 1)
```

Pa masiku 9, alufa ndi 2 kugawa ndi 10, kutanthauza 0.2. Mtengo wa lero umatenga 20 peresenti, ndipo EMA ya dzulo imatenga 80 peresenti yotsalayo. Koma mkati mwa EMA ya dzuloyo muli mtengo wa dzulo, umene unalowa ndi 20 peresenti n'kuchepetsedwa lero kufika pa 16. Wa dzana watsika kufika pa 12.8, wotsatira 10.24, wotsatiranso pafupifupi 8.2, ndipo zimapita choncho, gawo lililonse likukhala 0.8 ya linzake.

Zili ngati ndowa yodzaza imene tsiku lililonse mumatungamo gawo limodzi mwa asanu n'kuthiramo madzi atsopano. Madzi a lero ndiwo ochuluka kuposa a tsiku lina lililonse, koma a mwezi watha sanathe. Atsala ochepa, ndipo sadzatheratu. Mukawonkhetsa magawo a masiku 9 oyamba mumapeza pafupifupi 87 peresenti. Zotsalazo, 13 peresenti, zili m'masiku amene SMA inataya kale. Pa N wamkulu, monga 50 kapena 200, masiku N oyamba amatenga pafupifupi 86 peresenti. Choncho dzina loti "EMA ya masiku 9" silikutanthauza kuti ikuyang'ana masiku 9 okha.

Njirayi sinayambire pa matchati a amalonda. M'zaka za m'ma 1950 Robert G. Brown anaigwiritsa ntchito poyerekeza kuchuluka kwa katundu wofunika kusungidwa, ndipo mu 1957 Charles Holt anaikulitsa kuti izitsatiranso kukwera kapena kutsika kopitirira. Pa makina a nthawi imeneyo, kusunga nambala imodzi pa katundu aliyense m'malo mwa mndandanda wautali chinali chinthu chachikulu.

## Chifukwa chake alufa ndi 2/(N+1)

Avareji iliyonse yochokera ku mitengo yakale ili ndi msinkhu wake, ndiye kuti mitengo imene ili mkatimo ndi yakale bwanji mukaiphatikiza molingana ndi magawo ake. Pa SMA ya masiku 9, mtengo wa lero uli ndi masiku 0, wa dzulo tsiku 1, mpaka wakale kwambiri wa masiku 8. Pakati pa 0 ndi 8 ndi 4. Choncho nambala imene SMA ikukuonetsani lero ikunena za mmene zinthu zinalili masiku 4 apitawo. Lamulo lake ndi (N − 1)/2: masiku 24.5 pa SMA ya 50, masiku 99.5 pa SMA ya 200.

Pa EMA, msinkhuwu ndi (1 − α)/α. Ikani 0.2 ndipo mupeza 0.8 kugawa ndi 0.2, yankho ndi 4. Sizinangochitika mwamwayi. Mukasankha alufa ya 2/(N+1), EMA imakhala ndi msinkhu wofanana ndi SMA ya N yemweyo, pa N aliyense. Gawo lalikulu limene EMA imapatsa lero limabwezeredwa ndi mchira wautali wa masiku akale, ndipo ziwirizi zimakwanirana bwinobwino.

Onani pa mtengo umene ukukwera ndi 2 tsiku lililonse ndipo lero wafika pa 200. SMA ikuwonkhetsa 184, 186, mpaka 200, avareji yake ndi 192. EMA imene yayenda nthawi yokwanira inali pa 190 dzulo. 20 peresenti ya 200 ndi 40, 80 peresenti ya 190 ndi 152, pamodzi 192. Mizere yonse ili 8 pansi pa mtengo, masiku 4 kuchulukitsa ndi 2. Pa tchati imagona pamodzi, wina pamwamba pa unzake, ndipo ikhala choncho malinga mtengo ukukwera mwa njira imeneyi.

Pali kufanana kwina kumene ambiri sakudziwa. Ngati manambala anu akungoyendayenda mozungulira mulingo umodzi, kulakwika kwa lero kusakhudzana ndi kwa dzulo, njira ziwirizi zimachepetsa kumwazikana kwake mofanana. Pa masiku 9 zonse zimakuchepetsa katatu: kumwazikana kwa 6 kumatsika kufika pa 2. Chimene chimasiyana ndi kayendedwe ka tsiku ndi tsiku. Mzere wa EMA umakhala wa manomano, chifukwa nambala iliyonse yatsopano imaukoka ndi 20 peresenti, pomwe wa SMA umaoneka wosalala. Onse awiri amasochera mtunda wofanana kuchoka pa mulingo weniweni, koma wina amapita monjenjemera, wina mwa pang'onopang'ono.

## Mtengo ukadumpha n'kukhazikika

Apa ndi pamene mbiri ya changu cha EMA inachokera. Tinene kuti mtengo wakhala pa 100 kwa nthawi yaitali, kenaka wadumpha kufika pa 110 n'kukhala pomwepo.

| Tsiku | SMA | EMA |
|---|---|---|
| 1 | 101.11 | 102.00 |
| 2 | 102.22 | 103.60 |
| 3 | 103.33 | 104.88 |
| 4 | 104.44 | 105.90 |
| 5 | 105.56 | 106.72 |
| 6 | 106.67 | 107.38 |
| 7 | 107.78 | 107.90 |
| 8 | 108.89 | 108.32 |
| 9 | 110.00 | 108.66 |

SMA ikukwera ndi 1.11 tsiku lililonse, mzere wowongoka, chifukwa tsiku lililonse 110 mmodzi akulowa ndipo 100 mmodzi akutuluka. EMA ikutenga gawo limodzi mwa asanu la mpata wotsala. Tsiku loyamba mpata ndi 10, ikutenga 2. Lachiwiri mpata ndi 8, ikutenga 1.6. Mpata ukamachepa, sitepe nayo ikuchepa.

Masiku oyambawo EMA ili patsogolo moonekeratu. Theka la ulendo ikulifika patangopita masiku 3, pomwe SMA ikufuna masiku 4 ndi theka. Koma yang'anani kumunsi kwa tebulo. Tsiku la 7 zatsala pang'ono kukumana, la 8 SMA yadutsa, ndipo la 9 SMA yafika pa 110 ndendende EMA ikadali 1.34 kumbuyo. Pakapita masiku ena 9 imakhala itatsala ndi 0.18. Imayandikira, koma pa masamu siyifika.

Kudumpha kotere sikuti kumangopezeka m'mabuku a masamu. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa mtengo wogulitsira. Titenge ngati mtengo unali wokhazikika mbali zonse ziwiri za tsikulo. Mpata ndi K520. Tsiku loyamba EMA ya 9 ikanaonetsa K1,284, SMA K1,238. Tsiku la 9 SMA ikanakhala pa K1,700, EMA pa K1,630 kapena chapomwepo. Munthu wofuna chenjezo lamsanga kuti chinachake chasintha akanathandizidwa ndi EMA. Wofuna nambala imene yaiwaliratu mtengo wakale akanaipeza msanga pa SMA. Ndipo kunena zoona, pa kusintha kolengezedwa poyera ngati kumeneku avareji iliyonse imangokuchedwetsani. Nzeru ndi kuyambiranso kuwerengera kuchokera tsiku la kusinthalo.

## Tsiku limodzi lachilendo

Tsopano mtengo uli pa 100, tsiku limodzi wafika pa 145, mawa lake wabwerera pa 100. Mwina ndi nkhani yabodza imene inafala pamsika, mwina wolemba manambala anaphonya batani.

EMA ikudumpha kufika pa 109, popeza 20 peresenti ya 45 ndi 9. Kenaka ikutsika yokha: 107.2, 105.8, 104.6, 103.7, mpaka pa tsiku la 10 ili pafupi ndi 101.2. SMA ikungokwera kufika pa 105, chifukwa 45 kugawa ndi 9 ndi 5, koma ikukhala pa 105 masiku 9 athunthu osasuntha. Pa tsiku la 10, 145 uja akutuluka m'gulu, ndipo mzere ukugwa kuchoka pa 105 kufika pa 100 nthawi imodzi.

Kugwa kumeneku ndi msampha weniweni wa SMA. Pa tsiku la 10 palibe chimene chachitika pamsika. Mtengo uli pa 100 monga dzulo ndi dzana. Koma amene akuyang'ana mzere okha aona kutsika kwakukulu ndipo akhoza kukuwerenga ngati chizindikiro. Nambala iliyonse imagwedeza SMA kawiri, polowa ndi potuluka. Kusintha kwa SMA kuchoka dzulo kufika lero ndi uku:

```
SMA_lero − SMA_dzulo = (mtengo_lero − mtengo_wotuluka) / N
```

Choncho kaya SMA ikwera kapena itsika lero zimadalira mitengo iwiri yokha: wa lero ndi umene ukutuluka, wa masiku N apitawo. Mukaona SMA ya 50 yakhota mwadzidzidzi tsiku limene msika unali phee, werengani mizere 50 kubwerera m'mbuyo. Nthawi zambiri mupeza chifukwa chake pamenepo. Ubwino wake ndi woti mukhoza kudziwiratu: mitengo imene ituluke sabata yamawa ili kale patsogolo panu, ndiye mutha kuwerengera mtengo umene ukufunika kuti mzerewo upitirize kukwera.

EMA ilibe vuto limeneli. Imakwera ngati mtengo wa lero uli pamwamba pa EMA ya dzulo, imatsika ngati uli pansi pake, basi. Vuto lake limaoneka tsiku loyamba lija: imadumpha ndi 9 m'malo mwa 5. Ngati mwaika lamulo loti alamu ilire avareji ikadutsa 106, EMA iliza masiku awiri chifukwa cha nambala imodzi yolakwika, SMA siliza n'komwe. Lamulolo likakhala pa 104, zikutembenuka: EMA iliza masiku 4, SMA masiku 9.

## Mtengo ukakhota

Kwa ochita malonda funso lalikulu ndi loti mzere uti umaona msanga kuti kukwera kwatha. Tibwerere ku mtengo wokwera ndi 2 uja. Wafika pa 200, mizere yonse ili pa 192, ndipo kuyambira mawa ukutsika ndi 2 patsiku: 198, 196, 194, 192, 190.

EMA ikupita pa 193.20, kenaka 193.76, kenaka 193.81, ndipo tsiku la 4 yatsika kufika pa 193.45. SMA ikupita pa 193.56, 194.67, 195.33, 195.56, ndipo ikuyamba kutsika tsiku la 5, pa 195.33. Mukayang'ana kukhota kwa mzere weniweniwo, EMA yatsogola ndi tsiku limodzi, komanso sinapitirire kukwera kwambiri mtengo utatembenuka kale. Pa N wamkulu mpatawu umakula. Pa kutembenuka kofanana mbali zonse ngati kumeneku, SMA imakhota pakapita pafupifupi theka la N, EMA pafupifupi 0.35 ya N. Pa 50, SMA ikhota tsiku la 26, EMA la 18. Pa 200, SMA tsiku la 101, EMA la 70. Masiku 31 a malonda ndi pafupifupi mwezi ndi theka, ndipo apa mbiri ya EMA ndi yoona.

Koma ambiri sayembekezera mzere kukhota. Lamulo lofala ndi logulitsa mtengo ukatsika pansi pa avareji. Yerekezani manambala omwewo. Tsiku la 3 mtengo ndi 194. SMA ili pa 195.33, choncho mtengo wadutsa kale pansi. EMA ili pa 193.81, mtengo ukadali pamwamba pang'ono, ndipo ukudutsa tsiku la 4. Pa lamulo limeneli SMA ndiyo yapereka chizindikiro msanga.

Chifukwa chake n'chosavuta mukachiona. SMA inapitiriza kukwera mwamphamvu chifukwa mitengo yotsika yakale, 184, 186 ndi 188, inali kutuluka, ndiye inakwera kukakumana ndi mtengo umene ukutsika. EMA inayamba kale kutsatira kutsikako, ndiye inaima pansi, ndipo mtengo unayenera kuyenda mtunda wotalikirapo kuti uipeze. Changu chimene chimaipangitsa kukhota msanga ndicho chimaichedwetsa kudutsidwa. Izi zikunena za kutembenuka kwakuthwa ngati kwa chitsanzochi. Pa mitengo yeniyeni yoyenda mokhotakhota, nthawi zina itsogola iyi, nthawi zina inayo. Chofunika ndi kudziwa lamulo limene mukugwiritsa ntchito musanafunse kuti yachangu ndi iti.

Pali chinanso chimene mkanganowu umaphimba. Kutalika kwa N kumasintha kuchedwa kwambiri kuposa mtundu wa avareji. SMA ya 10 imapatsa lero 10 peresenti ndipo msinkhu wake ndi masiku 4.5. EMA ya 30 imapatsa lero pafupifupi 6.5 peresenti ndipo msinkhu wake ndi masiku 14.5. Mtengo ukadumpha, SMA ya 10 imakhala patsogolo kuyambira tsiku loyamba mpaka kumapeto. Ndipo ngati mukufuna EMA imene imakhota nthawi yofanana ndi SMA ya 50, muyenera kuitalikitsa kufika pafupifupi 72. Amene wachoka pa SMA ya 50 kupita pa EMA ya 50 n'kuona zizindikiro zikubwera msanga, nthawi zambiri akanapeza zofananako pongofupikitsa SMA yake. Mzere uliwonse wokhota msanga umakhotanso pa tizigwedezo topanda pake, ndipo msika ukamangoyenda cham'mbali, kugula ndi kugulitsa kobwerezabwerezako kumadya ndalama m'makomishoni.

## Pamene magawo ofanana amachita zimene EMA singathe

Manambala ena amabwerezabwereza pa sabata. Golosale ikhoza kugulitsa katundu wa 100 tsiku lililonse koma 240 Loweruka. Pa sabata ndi 840, avareji ya tsiku ndi 120. SMA ya masiku 7 imaonetsa 120 tsiku lililonse osagwedezeka, chifukwa m'gulu lililonse la masiku 7 muli Loweruka limodzi; Loweruka latsopano likamalowa, lakale likutuluka, ndipo zimafafanizana. Kugwedeza kawiri kumene kunali vuto pa nambala yachilendo kwasanduka mwayi.

EMA ya 7, alufa 0.25, siyingachite zimenezi. Loweruka imakwera kufika pafupifupi 140, kenaka imatsika tsiku ndi tsiku mpaka Lachisanu ili pa 107, n'kudumphanso. Woyang'ana mzerewo angaganize kuti malonda akugwa sabata iliyonse kuyambira Lamlungu. N'chifukwa chake nthawi ya COVID-19 matchati ambiri a odwala atsopano ankagwiritsa ntchito avareji wamba ya masiku 7: malipoti ankachepa kumapeto kwa sabata n'kuchuluka pakati pake. Pa manambala a mwezi ndi mwezi amene amatsatira nyengo, monga mtengo wa chimanga umene umatsika nthawi yokolola n'kukwera miyezi ya njala, SMA ya miyezi 12 imagwira ntchito yomweyo. Koma N ayenera kufanana ndi kuzungulirako ndendende. SMA ya masiku 6 kapena 10 pa manambala a sabata imasiya mafunde.

EMA imapambana kumene kulibe kuzungulira kodziwika ndipo kusunga mndandanda n'kovuta. Makompyuta akamatumizirana deta pa intaneti kudzera mu TCP, nthawi imene uthenga umatenga kupita ndi kubwera imasalazidwa ndi alufa ya 1/8, yofanana ndi EMA ya 15. Nambala imodzi pa kulumikizana kulikonse, ndipo ntchito yatha.

## Zimene zimasokoneza powerengera

Anthu awiri akawerengera SMA ya 9 pa mitengo yofanana amapeza yankho limodzi. Pa EMA sizili choncho nthawi zonse, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri.

Choyamba ndi poyambira. Tsiku loyamba kulibe EMA ya dzulo, ndiye pamafunika kuikapo kanthu. Ena amaika mtengo woyamba weniweniwo, ena amaika SMA ya masiku N oyamba n'kupitiriza kuchokera pamenepo. Mu Excel njira yachiwiriyi ndi kuika `=AVERAGE(B2:B10)` mu C10, kenaka mu C11:

```
=0.2*B11+0.8*C10
```

n'kukokera pansi. Kusiyana kulikonse kwa poyambira kumachepa ndi 0.8 tsiku lililonse. Wina akayambira pa 100 mnzake pa 110, pakapita masiku 9 amasiyana ndi 1.34, pakapita 18 ndi 0.18, pakapita 27 ndi 0.02. Choncho mukawerengera masiku okwana N katatu musanayambe kukhulupirira manambala, nkhani ya poyambira yatha. Pa EMA ya 9 ndi zosavuta. Pa EMA ya 200 ndi masiku 600 a malonda, zaka zopitirira ziwiri. Munthu amene watsitsa mitengo ya masiku 250 okha, n'kuyambira pa SMA ya masiku 200 oyamba, wangoyendetsa EMA yake masiku 50, ndipo pafupifupi 61 peresenti ya nambala yake ikadali SMA yoyambira ija. Akaiyerekeza ndi ya patchati imene inawerengedwa kuchokera zaka zambiri m'mbuyo, sizigwirizana, ngakhale fomula yake ili yolondola. Chizindikiro cha vutoli ndi choti kusiyanako kumachepa pang'onopang'ono masiku akamapita.

Chachiwiri ndi alufa yeniyeniyo, ndipo chizindikiro chake ndi choti kusiyanako sikutha. Si aliyense amatsatira 2/(N+1). J. Welles Wilder, amene mu 1978 anatulutsa RSI ndi ATR, zida ziwiri za patchati zoyezera mphamvu ndi kugwedezeka kwa mitengo, ankasalaza ndi alufa ya 1/N. Pa masiku 14 amene iye ankakonda, alufa ndi pafupifupi 0.071, pomwe EMA wamba ya 14 ili ndi 0.133. Kusalaza kwa Wilder kwa 14 n'kofanana ndi EMA wamba ya 27, ndipo msinkhu wake ndi masiku 13, osati 6.5. Amene alemba RSI yake ndi EMA wamba ya 14 amapeza mzere wojijirika umene umadutsa malire a 70 ndi 30 kawirikawiri kuposa wa patchati. Mu pandas, chida cha Python chowerengera deta, `ewm(span=9)` imapereka alufa 0.2, koma `ewm(com=9)` imapereka 0.1, ndipo kuti mupeze fomula yobwerezabwereza ili pamwambayi muyenera kuonjezera `adjust=False`, apo ayi mizere yoyamba iwerengedwa mwa njira ina. Chida cha `Exponential Smoothing` cha mu Excel chimafunsa `Damping factor`, imene ndi 1 kuchotsera alufa. Mukalembamo 0.2 poganiza kuti ndi alufa, mwapatsa mtengo watsopano 80 peresenti, ndipo mzere wanu ungotsatira mtengo pafupifupi osasalaza kanthu.

Njira zonse ziwiri zimawerenga mizere ya m'tebulo, osati masiku a pa kalendala. Pa msika wochepa malonda, monga wa masheya wa ku Blantyre kumene sheya ya kampani ina ikhoza kutha masiku osagulidwa, muyenera kusankha: kubwereza mtengo wotsiriza pa masiku opanda malonda, kapena kuwalumpha. Mukabwereza, avareji imakokeredwa ku mtengo umene palibe anautsimikizira masiku amenewo. Mukalumpha, mizere 9 ikhoza kutenga milungu ingapo, ndipo msinkhu wa 4 uja sukhalanso masiku 4. Komanso mtengo wa lero usanatsekedwe, nambala yotsiriza ya avareji imasinthasintha. Pa EMA ya 9 kusinthaku n'kokulirapo, 20 peresenti ya kuyenda kwa mtengo poyerekeza ndi 11 pa SMA, ndiye kukhota kumene mwaona masana kukhoza kufufutika msika usanatseke.

Ngati simukudziwa kuti pulogalamu kapena sipuredishiti imene mwapatsidwa ikugwiritsa ntchito chiyani, pali kuyesa kwa mphindi zochepa. Lembani mizere 50 ya 0, kenaka mizere 50 ya 100, ndipo muyendetse avarejiyo ndi N wa 9. Yang'anani nambala yoyamba imene yasiyana ndi 0. Ikakhala 20, ndi EMA wamba. Ikakhala 11.11, yang'anani yachiwiri: 22.22 ndi SMA, 20.99 ndi kusalaza kwa Wilder. Ikakhala 80, alufa ndi chotsalira chake zasinthana malo.